Akati "tiuzeni za inu" pa intaviyu kuno ku Joni: yankho la mphindi imodzi ndi theka kwa wongomaliza kumene sukulu

Pa intaviyu pafupifupi iliyonse, kaya ndi mu ofesi ku Sandton, kaya ndi pa foni muli m'chipinda chanu ku Rosettenville, funso loyamba limakhala loti munene za inu mwini. Ife ochokera kumudzi funsoli limatipunthwitsa chifukwa cha momwe tinaleredwera. Kwathu munthu akadzidziwitsa amatchula dzina, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, kenako n'kuwonjezera kuti ndi wachingati kubadwa m'banja mwawo. Pamaso pa ankhoswe kapena pa msonkhano wa mpingo zimenezo n'zoyenera. Koma bwana amene wakhala kutsogolo kwanu ndi CV yanu m'manja akufuna kudziwa chinthu chimodzi chokha: kodi munthu uyu ali ndi chiyani chomwe chikugwirizana ndi ntchito imene tikufuna kulembera munthu? Yankho lonse liyenera kumangidwa pa funso limenelo, ndipo wongomaliza sukulu angathe kuliyankha bwino ngati wasankha chinthu chimodzi chimene anachitadi ndi manja ake n'kuchifotokoza momveka.

Kuti tisayankhule zam'malere, tiyerekeze mtsikana amene wamaliza digiri ya zowerengera ndalama ku MUBAS, sukulu ya ku Blantyre imene inkadziwika kuti Polytechnic mpaka 2021. Ali chaka chachitatu anapita ku atachimenti ya miyezi itatu pa kampani ina yogulitsa feteleza ndi mbewu ku Limbe. Analinso msungichuma wa gulu la achinyamata kutchalitchi kwawo. Tsopano ali kuno, ndipo amuitana ku kampani ina ya mathiraki ku Midrand imene ikufuna kalaliki wa ngongole, amene amaona kuti omwe kampani imagulako mafuta, matayala ndi zina alipidwa molondola. Akapanda kukonzekera, yankho lake limatuluka chonchi:

"Zikomo kwambiri pondipatsa mwayi umenewu. Ndimachokera ku Malawi, boma la Ntcheu. Ndine wachiwiri m'banja la ana asanu. Pulayimale ndinaphunzira kumudzi komweko, sekondale ndinapita ku Dedza, kenako ndinasankhidwa kupita ku yunivesite. Ndine wolimbikira ntchito, wokhulupirika, woopa Mulungu, ndipo ndimagwirizana ndi anthu. Ngakhale ndilibe luso lambiri, ndine wokonzeka kugwira ntchito ina iliyonse imene mungandipatse."

Mulibe bodza m'menemo, koma mulibenso chimene bwana angalembe pa pepala lake. Theka la nthawi lathera pa ubwana. Mawu oti wolimbikira ndi wokhulupirika awanenanso onse amene analowa iye asanalowe. Ndipo chiganizo chomaliza, chimene kwathu chimamveka ngati kudzichepetsa, kuno chimamveka ngati munthu amene sakudziwa ntchito imene wafunsira. Wadzinenera yekha kuti alibe luso, asanafunsidwe n'komwe.

Yambani ndi chilengezo cha ntchito, osati ndi mbiri yanu

Musanalembe chiganizo chilichonse, tsegulani chilengezo chimene munafunsira ntchito chija. Ngati munachiona pa LinkedIn kapena pa PNet ndipo mwina achichotsa, funsani amene wakuitanani kuti akutumizireni. (Chizolowezi chabwino n'kujambula chilengezo pa foni tsiku lomwe mukufunsira, chifukwa zambiri zimachotsedwa tsiku lotseka likadutsa.) Werengani gawo limene likunena zimene munthu azidzachita tsiku ndi tsiku, ndipo lembani mzere pansi pa zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zikubwerezedwa kapena zimene zaikidwa pamwamba.

Pa chilengezo cha ku Midrand chija, tinene kuti zatuluka zitatu: kufananitsa mainvoisi ndi masitetimenti a ogulitsa, kugwiritsa ntchito Excel ndi pulogalamu ya zowerengera ndalama ya Sage Pastel, ndi kumaliza ntchito pa nthawi yake kumapeto kwa mwezi. Zimenezo ndizo mutu wa bwana uja ukuzungulira. Zina zonse zimene mtsikanayu amadziwa, ngakhale zikhale zonyaditsa bwanji, zidikire mafunso otsatira.

Fukulani umboni

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene ambiri amagonjera msanga n'kumati sanagwirepo ntchito. Tengani pepala. Lembani chilichonse chimene munachitapo chomwe wina ankadalira kuti inu muchimalize: atachimenti, kafukufuku wa chaka chomaliza, udindo mu gulu la ophunzira kapena kutchalitchi, kuphunzitsa ana a Fomu 4 masamu nthawi ya tchuthi, kusunga buku la ngongole mu golosale ya amalume, ganyu ya kalembera. Musayambe mwasankha, lembani zonse kaye.

Kenako pa chilichonse dzifunseni mafunso atatu. Vuto linali chiyani? Ine ndinachita chiyani? Zinatha bwanji? Chimene sichikuyankha mafunso atatuwa chisiyeni. Kunena kuti ndinali pa atachimenti mu ofesi ya akawunti sikuyankha lililonse. Kumangosonyeza pomwe munkakhala.

Mtsikana wathu akakhala pansi n'kukumbukira bwino, akupeza kuti ku Limbe kuja anampatsa ntchito imene akuluakulu ankaiona ngati yotopetsa. Kumapeto kwa mwezi kampani iliyonse imene amagulako katundu imatumiza sitetimenti yonena kuti ngongole yanu ndi yakuti. Mabuku a kampani yawo ankanena nambala ina. Iye ankatenga sitetimenti, n'kutsata invoisi iliyonse, nambala yake, tsiku lake ndi ndalama zake, n'kuona ngati ilimo m'mabuku. Ankachita zimenezi kwa ogulitsa pafupifupi 30 mwezi uliwonse. Mwezi wachiwiri anapeza invoisi imodzi ya onyamula katundu italowetsedwa kawiri, chifukwa ina inabwera pa imelo ndipo ina inabwera ndi dalaivala, ndipo inatsala pang'ono kulipidwa kawiri. Anauza womuyang'anira, amene anaimitsa malipiro, ndipo pambuyo pake anakonza tebulo la pa Excel limene linkaonetsa nambala ya invoisi ikabwerezedwa.

Iye mwini sankaiwerengera nkhani imeneyi, poti inali ntchito ya mwana wa atachimenti. Koma yang'anani chilengezo chija: ndi ntchito yomweyo imene akufunira munthu ku Midrand. Umboni wake ndi umenewu, ndipo ndi umodzi wokha umene ukufunika. Za usungichuma wa kutchalitchi zingalowe m'chiganizo chimodzi ngati nthawi ilipo, kapena zingatsale.

Posankha umboni, nambala zimathandiza, koma zikhale zoona ndiponso zoti mungazifotokoze akakufunsani. Ngati simukumbukira bwino, nenani kuti pafupifupi. Musakweze 30 kukhala 100. Munthu amene wakhala zaka zambiri mu ofesi ya akawunti amadziwa kuchuluka kwa ntchito imene wophunzira angapatsidwe, ndipo funso limodzi lotsatira limakwana kukuululani.

Palinso nkhani ya "ife" ndi "ine". Tinakula tikumva kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo pakamwa pathu pamatuluka mosavuta kuti tinachita, tinapeza, tinakonza. Pa intaviyu bwana sakulemba gulu lonse. Ngati ntchito inali ya anthu asanu, nenani choncho kamodzi, kenako nenani gawo limene linali lanu: tinali asanu, ine ndinali wosonkhanitsa mayankho ndi kuwawerengera. Uku si kudzitama. Kudzitama ndi kunena kuti ndinu katswiri popanda chosonyeza.

Ikani m'magawo atatu, ndipo gawo lapakati likhale lalikulu

Akati mphindi ziwiri, inu konzekerani mphindi imodzi ndi theka, masekondi 90. Mantha amachititsa ena kuthamanga ndipo ena kubwereza mawu, choncho mpata wotsalawo ndi wofunika. Munthu woyankhula Chingerezi modekha amatchula mawu pakati pa 130 ndi 150 pa mphindi, ndiye kuti yankho lanu likalembedwa lisapitirire mawu 200. Ndi theka la tsamba basi.

Gawo loyamba, masekondi 15 mpaka 20, linene kuti ndinu ndani pa nkhani ya ntchito: maphunziro amene mwamaliza, kuti, ndi mbali imene mumaikonda. Dzina sikofunika kulibwereza, alinalo pa pepala ndipo akupatsani kale moni nalo. Gawo lachiwiri, masekondi 45 mpaka 50, ndi umboni uja. Gawo lachitatu, masekondi 20, linene chifukwa chimene mwafunsira ntchito imeneyi pa kampani imeneyi.

Pa gawo loyamba pali chinthu chimene wophunzira ku Wits kapena ku UJ sachiganizira, koma wochokera kumudzi ayenera kuchikonzekera. Bwana wa ku Midrand mwina sanamvepo za MUBAS, LUANAR kapena Mzuni, ndipo mumtima akudzifunsa kuti digiri imeneyi ikufanana ndi chiyani. Bungwe la SAQA ndi limene limaunika mapepala a maphunziro ochokera kunja n'kunena mulingo wake pa NQF, ndondomeko imene imasanja maphunziro a dziko lino m'milingo. Kuno digiri ya zaka zitatu ili pa mulingo 7, ndipo ya onazi ili pa mulingo 8. Ngati muli ndi chikalata cha SAQA, tchulani mulingo umene walembedwa pamenepo, m'mawu ochepa, ndipo funso la mumtima lija latha. Ngati munatumiza mapepala ndipo mukudikira, nenani zomwezo. Musadzipatse nokha mulingo. Dzina la sukulu litchuleni lonse, osati zilembo zokha, ndipo muwonjezere kuti ili ku Blantyre.

Gawo lachitatu limafuna kuti mwawerengako za kampani. Kunena kuti ndi kampani yaikulu yotchuka n'chimodzimodzi kusanena kanthu. Pezani chinthu chimodzi chenicheni. Mtsikana wathu waona pa tsamba la kampani kuti mathiraki awo amadutsa pa Beitbridge kupita ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi. Pamenepo kuchokera kwake kumudzi, kumene ankaganiza kuti n'chopinga, kwasanduka chothandiza: amayankhula Chichewa, chimene chimamvekanso ku Lusaka ndi ku Chipata, ndipo invoisi ya makwacha si yachilendo kwa iye. Umu ndi momwe dziko lochokera liyenera kulowera mu yankho, pokhapokha ngati likuwonjezera kanthu pa ntchito.

Yankho lonse

Ndalilemba m'Chichewa kuti muone kamangidwe kake. Lanu mudzalilemba m'Chingerezi chanu chomwe mumayankhula, osati cha m'buku.

"Ndamaliza kumene digiri ya zowerengera ndalama ku Malawi University of Business and Applied Sciences ku Blantyre, ndipo SAQA inaiunika kale. Pa zonse zimene ndinaphunzira, mbali imene ndimaikonda ndi yofananitsa mabuku, kupeza pomwe nambala zasiyanirana ndi chifukwa chake.

"Ndinaigwira ntchito imeneyi pa atachimenti ya miyezi itatu pa kampani yogulitsa zipangizo zaulimi. Kumapeto kwa mwezi uliwonse ndinkafananitsa masitetimenti a ogulitsa pafupifupi 30 ndi mabuku athu. Mwezi wachiwiri ndinapeza invoisi ya onyamula katundu italowetsedwa kawiri, ina kuchokera pa imelo, ina kuchokera kwa dalaivala. Ndinauza wondiyang'anira malipiro asanatuluke, kenako ndinakonza tebulo la pa Excel loonetsa nambala ya invoisi ikabwerezedwa, ndipo anapitiriza kuligwiritsa ntchito ine nditachoka. Kumeneko ndi komwe ndinaphunzira kuti masiku atatu omaliza a mwezi amafuna munthu amene wakonzekeratu mapepala ake.

"Ndafunsira ntchito ino chifukwa ndi yomweyo imene ndinayamba kuiphunzira, ndipo ndaona kuti mathiraki anu amafika ku Zambia ndi ku Malawi. Ndimayankhula Chichewa, ndipo ndinazolowera mainvoisi a kumeneko. Sage Pastel ndayamba kuiphunzira pandekha, ndipo ndikufuna kuidziwa bwino pogwira ntchito ndi gulu lanu."

Taonani zimene zachitika pa nkhani ya Sage Pastel. Chilengezo chinaitchula, iye sanaigwiritsepo ntchito mu ofesi. Sanabise, sanapepesenso. Wanena chimene akuchitapo, ndipo wachiika kumapeto, umboni wake utamveka kale. Koma chiganizo chimenechi chinenedwe pokhapokha ngati mwayambadi kuphunzira, chifukwa funso lotsatira lingakhale loti mwafika pati. Taonaninso kuti mawu oti wokhulupirika ndi wosamala sanatchulidwe paliponse. Nkhani ya invoisi yawanena yokha.

Nanga ngati mulibe ngakhale atachimenti? Kamangidwe sikasintha, chosintha ndi gwero la umboni. Womaliza maphunziro a zaulimi angafotokoze kafukufuku wake: anafunsa alimi angati, anakumana ndi vuto lanji posonkhanitsa mayankho, analithetsa bwanji. Wa zamakompyuta angafotokoze pulogalamu imene anapanga, amene anaigwiritsa ntchito, ndi chimene chinavuta. Ndipo ngati chimalizireni sukulu mwakhala mukugulitsa mu shopu kapena kuperekera zakudya mu lesitilanti ku Randburg, musachite nazo manyazi. Kutseka kauntala madzulo ndalama zitakwanira, kapena kuziziritsa kasitomala wokwiya, ndi umboni wabwino kuposa kusiya chaka chathunthu chopanda kanthu pa CV.

Za mapepala okhalira m'dziko

Ambiri amafunsa ngati ayambe ndi nkhani ya pemiti. Maganizo anga ndi akuti ayi. Lamulo la zolowa ndi kutuluka m'dziko muno la 2002 limaletsa olemba ntchito kulemba mlendo amene alibe chilolezo chogwira ntchitoyo, choncho funsoli lidzabwera ndithu, nthawi zambiri kuchokera kwa a ofesi yoona za antchito. Likabwera, yankhani zoona ndi mwachidule: mtundu wa chilolezo chimene muli nacho, chimatha liti, chimakulolani kuchita chiyani. Amene anaphunzira kuno akumbukire kuti viza ya sukulu imalola ganyu wosapitirira maola 20 pa sabata, si chilolezo cha ntchito ya tsiku lonse. Ngati mapepala anu ali bwinobwino, mwachitsanzo muli ndi chilolezo chokhala muno mpaka kalekale, mungawonjezere chiganizo chimodzi kumapeto kwa yankho kuti muchotse nkhawa ya bwana. Koma masekondi oyamba asathere pa kufotokoza mizere ya ku Home Affairs.

Zaka zanu, banja, ana, mpingo ndi mavuto a kumudzi zisalowemo. Kunena kuti muli ndi azing'ono anu amene akudalira inu n'zoona ndipo n'zomvetsa chisoni, koma zimamuika bwana pamalo oti akuchitireni chifundo, pomwe iye wabwera kudzafuna munthu womuchepetsera ntchito.

Yesezani ndi pakamwa

Mukalemba, musaloweze liwu ndi liwu. Woloweza amadziwika: maso amayang'ana kudenga, mawu amayenda mofanana ngati ndakatulo ya ku pulayimale, ndipo akaiwala liwu limodzi zonse zimaima. Lowezani chiganizo choyamba ndi chomaliza chokha. Zapakati zisungeni ngati mfundo zitatu pa kapepala: ogulitsa 30, invoisi kawiri, tebulo la Excel. Nkhaniyo inakuchitikirani, simungaiiwale.

Tsegulani chojambulira mawu pa foni, yankhulani, kenako mverani. Zimachititsa manyazi kudzimva wekha, koma ndi pomwe mudzazindikire zinthu zimene mnzanu sangakuuzeni. Onani nthawi. Ngati yadutsa mphindi ziwiri, musafulumizitse kayankhulidwe, chotsani ziganizo, ndipo zoyamba kuchoka zikhale za m'gawo loyamba. Mverani ngati mawu akuzimirira kumapeto kwa chiganizo, chizolowezi chimene ambiri tili nacho poyankhula ndi akuluakulu. Liwu lililonse la Chingerezi limene lilime likupunthwapo lisintheni ndi lina losavuta. Za katchulidwe kathu musade nazo nkhawa: mu ofesi za mu Joni mumamveka Chingerezi cha Azulu, Asutu, Amwenye, Mabunu ndi anthu a ku Zimbabwe, ndipo chimene bwana akufuna n'choti amve mawu alionse. Kudekha kumathandiza kuposa kuyesa kuyankhula ngati wa pa wailesi.

Kenako pezani munthu, makamaka amene akugwira kale ntchito ya mu ofesi kuno, akhale ngati bwana. Mukamaliza mufunseni chimene wakumbukira. Akanena kuti wakumbukira za invoisi yolowetsedwa kawiri, yankho lagwira. Akanena kuti mwayankhula bwino koma osatchula kanthu, umboni wanu sunamveke, bwererani mukaukonze.

M'chipindamo

Yang'anani amene wafunsa. Kwathu kuyang'ana pansi ndi ulemu, kuno ambiri amakuona ngati kusadzidalira kapena kubisa kanthu. Ngati ali atatu, yambani ndi wofunsayo, pakati yang'ananiko enawo, malizani pa iye. Pa Teams kapena Zoom, kuyang'ana munthu ndi kuyang'ana kamera, osati nkhope yanu pa sikirini. Ngati ndi foni yoyamba ya ejenti wolemba anthu ntchito, amene amaimbira anthu ambiri pa tsiku, fupikitsani kufika pa masekondi 45: chiganizo chimodzi cha maphunziro, ziwiri za umboni, chimodzi cha chifukwa.

Pali zizindikiro zoti mwatalikitsa. Bwana akayamba kutembenuza masamba a CV, kuyang'ana pa foni, kapena kugwedeza mutu mofulumira ngati akuti tamva, lumphani mupite ku gawo lachitatu. Akakudulani ndi funso, musakhumudwe ndipo musaumirire kumaliza zimene munakonza. Nthawi zambiri ndiye kuti china chamukopa. Yankhani funsolo.

Chovuta chomaliza ndi kusiya. Ambiri amafika kumapeto bwinobwino, kenako chete wa masekondi awiri amawaopsa, n'kuyamba kuwonjezera za sekondale ndi za mpira. Mukanena chiganizo chomaliza chija, tsekani pakamwa, manja akhale pa tebulo, mudikire. Bwana amakhala akulemba. Funso lotsatira kawirikawiri limachokera pa umboni umene mwapereka, choncho mtsikana wathu apite atakonzeka kufotokoza kuti tebulo la pa Excel lija analikonza bwanji, kaya ndi `COUNTIF` kapena njira ina, invoisi ija inali ya ndalama zingati, ndi chimene akanachita malipiro akanakhala atatuluka kale.